Kusintha sitayilo osasuntha kaimidwe: mafunso ndi mayankho okhudza ControlNet

Mafunso ali m'munsimu ndi a munthu amene ali ndi chithunzi cha munthu wojambulidwa ndi kamera, ndipo akufuna chithunzi china chatsopano, mwina cha penti wamadzi, cha katuni kapena cha pensulo, koma thupi likhale mmene linakhalira pa chithunzi choyambacho. Zitsanzo zathu zambiri ndi za Stable Diffusion 1.5, modelo ya pakompyuta yojambula zithunzi kuchokera ku mawu, chifukwa ndi kumene ControlNet inayambira, ndipo mayina a mafayilo ake ndi okhazikika. Maganizo ake ndi omwewo pa mamodelo atsopano. Mayina a mabatani ndi a mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera modeloyi, pokhapokha titatchula ina.

Kodi ControlNet imachita chiyani chimene mawu okha sangachite?

Mukalemba kuti mukufuna munthu atakhala pampando, mwendo atasanjika pa unzake, modelo ikupatsani munthu wokhaladi pampando. Koma sidziwa kuti mutu ukhale pati pa chithunzicho, chigongono chipindike motani, kapena phazi lifike pati. Mukasintha nambala ya `Seed`, imene imasankha timadontho tosokonekera toyambira kujambula, zonsezo zimasinthanso. Mawu amanena chinthu chimene chijambulidwe, koma amalephera kuloza malo.

ControlNet ndi chowonjezera pa modelo, ndipo imalandira chithunzi chachiwiri chimene timachitcha mapu. Mapuwa si chithunzi chanu chenicheni ayi, koma chinthu chimodzi chokha chochotsedwa m'chithunzicho: malo a mfundo za thupi, kapena mizere ya m'mphepete mwa zinthu, kapena kutalikirana kwa zinthu ndi kamera. Mitundu, kuwala, khungu ndi nsalu zimatsala. Modelo ikamajambula, mapu amaiuza malo, mawu anu amaiuza sitayilo. Njirayi anaitulutsa mu Febuluwale 2023 ndi Lvmin Zhang, Anyi Rao ndi Maneesh Agrawala a ku yunivesite ya Stanford, ndipo mafayilo otchedwa 1.1 anatuluka mu Epulo chaka chomwecho.

Imagwira bwanji ntchito m'kati mwake? Kodi imasintha modelo yanga?

Siyisintha. Mbali ya Stable Diffusion imene imachotsa timadontho tosokonekera pang'onopang'ono mpaka chithunzi chioneke imatchedwa U-Net. Ili ndi theka loyamba limene limapanikiza chithunzi kuti chichepe, chigawo chapakati, ndi theka lachiwiri limene limachikulitsanso. Opanga ControlNet anatseka modelo yoyambayo kuti isakhudzidwe, n'kukopera theka loyamba ndi chigawo chapakati. Kope limeneli ndi limene analiphunzitsa kuwerenga mapu. Zimene kopelo latulutsa zimawonjezedwa ku modelo yaikulu pamalo 13: malo 12 olowera ku theka lachiwiri, ndi amodzi pachigawo chapakati.

Polumikizira pake anaikapo tizigawo timene manambala ake onse amayambira pa ziro. Choncho tsiku loyamba la kuphunzitsa, kope lija siliwonjezera kanthu, ndipo modelo imajambula monga kale. Mphamvu yake imakula pang'onopang'ono, osawononga zimene modelo inkadziwa.

Zinthu ziwiri zofunika kwa inu zikuchokera pamenepa. Choyamba, popeza ControlNet imangowonjezera manambala pa manambala a modelo, mutha kuwachulukitsa kapena kuwachepetsa, ndipo ndiyo ntchito ya `Control Weight`, imene tiziitcha mphamvu. Chachiwiri, popeza ndi kope la mbali ya modelo inayake, imalowa m'mamodelo a banja lomwelo basi. Fayilo ya `sd15` imagwira pa modelo iliyonse yophunzitsidwa kuchokera ku Stable Diffusion 1.5, kaya ndi ya katuni kapena ya zithunzi zooneka ngati za kamera, koma pa mamodelo a mabanja ena, monga SDXL kapena Flux, pamafunika ina.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito `img2img`?

Chifukwa `img2img` ili ndi chowongolera chimodzi chokha cha zinthu ziwiri. Imatenga chithunzi chanu, n'kuchithira timadontho, kenako n'kujambula kuchokera pamenepo. `Denoising strength` ikakhala cha pa 0.4, kaimidwe kamagwira bwino, koma mitundu ndi kuwala kwa kamera zimatsalanso, ndipo mumangopeza chithunzi chakale chopakidwa pamwamba. Mukaikweza kufika 0.8, sitayilo imasinthadi koma mikono imayamba kusuntha. ControlNet imalekanitsa ziwirizi. Mumayamba ndi timadontho tokhatokha mu `txt2img`, kotero palibe mtundu wakale umene ungalowerere, pomwe malo a thupi agwiridwa ndi mapu.

Pali mapu amitundu yambiri. Ndisankhe ati?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo zolakwika zambiri zimayambira pano. Lamulo lathu n'lakuti musankhe mapu onyamula zochepa kwambiri amene angagwirebe chimene mukufuna. Chilichonse chimene chalowa m'mapu chidzatuluka pa chithunzi chatsopano, muchifune musachifune.

OpenPose ndiyo imanyamula zochepa kuposa onse. Imajambula kamunthu ka timitengo tamitundumitundu pamalo akuda, kolumikiza mfundo 18: mphuno, khosi, mapewa, zigongono, polumikizira manja, mbali ziwiri za chiuno, mawondo, akakolo, maso ndi makutu. Mukasankha `openpose_full` kapena `dw_openpose_full`, pamawonjezeka mfundo 21 pa dzanja lililonse ndi timadontho ta nkhope. Timitengoti sitinena kanthu za kunenepa kwa munthu, zovala zake, tsitsi lake kapena zimene zili kumbuyo. Ndiye chifukwa chake mtsikana wowonda atha kusanduka nkhalamba yovala jasi lalikulu, kaimidwe kali komweko.

Mapu a kuya, amene pa pulogalamu amalembedwa `depth`, ndi otuwa: choyandikira kamera chimayera, chakutali chimada. Amagwira kukula kwa thupi, mpando, khoma, komanso chiwalo chimene chili kutsogolo kwa chinzake. Sanyamula mizere ya pa nsalu kapena zilembo za pakhoma, chifukwa zimenezo zili pamtunda umodzi ndi nsaluyo.

Kenako pamabwera mapu a mizere. `softedge` imapereka mizere yofewa ya m'mphepete mwa zinthu zikuluzikulu. `lineart` imafanana ndi zimene wojambula ndi pensulo angalembe. `canny` ndiyo yolimba kwambiri, ndipo imatola paliponse pamene kuwala kwasintha mwadzidzidzi, kaya ndi m'mphepete mwa nkhope, m'makwinya a malaya kapena pamthunzi wa pansi. Siisiyanitsa mzere wofunika ndi mzere wachabe.

Ngati mukusintha munthu yense, yambani ndi OpenPose. Ngati mukufuna munthu yemweyo, zovala zomwezo, koma wojambulidwa ndi penti, `softedge` kapena `lineart` ndi abwino. `canny` muisungire zinthu zimene mzere uliwonse uyenera kubwerera pamalo pake, monga chizindikiro cha kampani, galimoto kapena botolo. Pa nyumba ndi zipinda pali `mlsd`, imene imatola mizere yowongoka yokha.

Pa pulogalamu pali `Preprocessor` ndi `Model`. Si chinthu chimodzi?

Ayi. `Preprocessor` ndi chimene chimapanga mapu kuchokera ku chithunzi chanu, ndipo chimagwira kamodzi kokha kujambula kusanayambe. `Model` ndi ControlNet yeniyeniyo, imene imawerenga mapuwo pa sitepe iliyonse yochotsa timadontho. Ziwirizi ziyenera kukhala za mtundu umodzi: timitengo ta OpenPose tipite ku `control_v11p_sd15_openpose`, mapu a kuya apite ku `control_v11f1p_sd15_depth`. Mukasakaniza, pulogalamu sikudandaula. Imangotulutsa chithunzi chachilendo, nthawi zina chokhala ndi timizere tamitundu tooneka pathupi la munthu.

Ngati muli nawo kale mapu, monga timitengo timene mwapanga nokha, ikani `Preprocessor` pa `none`. Mukaiwala, pulogalamu imafunafuna munthu pa chithunzi cha timitengo, kawirikawiri simupeza, n'kupereka mapu akuda bii. Ndipo ngati mwajambula nokha ndi cholembera chakuda papepala loyera, sankhani `invert (from white bg & black line)`, chifukwa mamodelo a mizerewa amayembekeza mizere yoyera pamalo akuda.

Chizolowezi chimodzi chimapulumutsa nthawi yambiri: muziona mapu musanajambule. Mu AUTOMATIC1111 chongani `Allow Preview` n'kudina kabatani koyendetsa `Preprocessor`. Mu ComfyUI, pulogalamu ina yoyendetsera mamodelowa, lumikizani `Preview Image` pamene mapu akutulukira. Mapu akalakwika, palibe mawu kapena nambala imene ingakonze chithunzicho.

Tatiwonetsani chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze kuti muli ndi chithunzi cha mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 4000 m'litali. Mayi wakhala pampando, mwendo wamanja wasanjika pa wamanzere, dzanja lamanja lagwira chibwano. Wavala malaya amizeremizere, ali ndi tsitsi lalitali, ndipo kumbuyo kwake kuli shelefu ya mabuku. Inu mukufuna bambo wokalamba wovala jasi, wojambulidwa ndi penti wamadzi, atakhala chimodzimodzi.

Yambani ndi kukula kwa chithunzi. Chanu chili pa 3 kwa 4, choncho chatsopanocho chikhale 576 ndi 768. Manambala onsewa amagawika ndi 64, ndipo sanatalikirane kwambiri ndi 512 imene modelo inaphunzirapo. Chongani `Pixel Perfect` kuti pulogalamu iwerengere yokha kukula kwa mapu. Ikani masitepe 30, `CFG Scale`, imene imanena mmene modelo imverere mawu anu, pa 7, ndipo `Seed` muipatse nambala yokhazikika, ina iliyonse, kuti mukasintha chinthu chimodzi muone zotsatira za chinthu chimenecho chokha. Mawu alembeni m'Chingelezi, chifukwa ndicho chinenero chimene modeloyi imamva bwino:

```
watercolor painting of an old man in a loose coat, sitting on a chair, legs crossed, hand on chin, soft washes, paper texture
```

Onani kuti mawuwa akutchulanso kukhala pampando ndi kusanjika miyendo, ngakhale mapu anena kale zimenezo. N'zofunika. Mawu ndi mapu zikagwirizana, modelo sivutika kusankha.

Mukayesa `canny` pa chithunzichi, bambo uja amatuluka ndi tsitsi lofika m'mapewa, jasi lake lili ndi mizere ya malaya a mayiyo, ndipo kumbuyo kwadzaza timabokosi m'malo mwa penti woyenderera. Penti wamadzi amafuna m'mphepete mosungunuka, koma mapu akulamula mzere wakuthwa paliponse. Apa si mphamvu imene yalakwika, koma mtundu wa mapu.

Mukayesa `dw_openpose_full` yokha pa mphamvu 1.0, bamboyo amaoneka bwino ndipo sitayilo imamasuka. Koma mukasinthasintha `Seed` mudzaona kuti nthawi zina mwendo wamanzere ndi umene uli pamwamba, nthawi zina miyendo yasungunukirana pabondo, ndipo dzanja limayandama patsogolo pa nkhope osakhudza chibwano. Chifukwa chake n'chakuti timitengo ndi tafulati. Pamene mizere iwiri yapingasana, palibe chimene chikuuza modelo kuti wapafupi ndi kamera ndi uti.

Ndiye onjezani ControlNet yachiwiri ya kuya, koma yofooka ndiponso yosiya msanga. OpenPose ikhale pa mphamvu 1.0 kuyambira 0 mpaka 0.8, kutanthauza mpaka sitepe ya 24. Ya kuya ikhale pa mphamvu 0.5 kuyambira 0 mpaka 0.4, kutanthauza mpaka sitepe ya 12. Pamasitepe 12 oyambawo modelo imadziwa mwendo umene uli pamwamba, pamene mpando uli, ndi pamene dzanja lakhudza chibwano. Mapu a kuya akachoka, pamatsala mpata woti jasi likule kuposa thupi la mayi uja. Ngati mthunzi wa tsitsi lalitali ukuonekabe ngati chipewa kapena nsalu ya pamutu, tsegulani mapu a kuya mu pulogalamu yojambulira, mupake tsitsilo ndi mtundu wotuwa wa khoma lakumbuyo, kenako muwabwezere ndi `Preprocessor` ili pa `none`.

Mu diffusers, laibulale ya Python, chimodzimodzicho chimalembedwa motere, `pipe` ikakhala kale ndi ControlNet ya OpenPose poyamba ndi ya kuya pambuyo pake, ndipo kumeneko muyenera kupereka mapu opangidwa kale, osati chithunzi cha kamera:

```python
chithunzi = pipe(
    prompt=mawu,
    image=[timitengo, kuya],
    controlnet_conditioning_scale=[1.0, 0.5],
    control_guidance_start=[0.0, 0.0],
    control_guidance_end=[0.8, 0.4],
    num_inference_steps=30, guidance_scale=7,
    width=576, height=768,
).images[0]
```

Manambalawa ndi poyambira chabe. Modelo ina imamvera mapu msanga, ina imafuna kukankhidwa, choncho sinthani pang'onopang'ono, 0.1 nthawi imodzi.

Sitayilo ikukana kusintha. Nditsitse mphamvu kapena ndifupikitse nthawi?

Yambani ndi kufupikitsa nthawi. Modelo sijambula zonse nthawi imodzi. Pamasitepe oyamba, timadontho tikadali tambiri, imakhazikitsa zikuluzikulu: pamene mutu uli, kumene thupi lapendekera, malo owala ndi akuda. Masitepe omaliza ndi a zing'onozing'ono, monga mikwingwirima ya burashi, maonekedwe a pepala, tsitsi ndi makwinya. Mbali yaikulu ya chimene diso limachitcha sitayilo ili m'zing'onozing'onozi. Zili ngati matabwa amene amagwira konkire: amafunika konkire akadali wamadzi, koma akauma mumawachotsa kuti mupake pulasitala.

Mukatsitsa `Control Weight` kufika 0.4, mwafooketsa mapu pamasitepe onse, kuphatikizapo oyamba aja amene amafunika kwambiri, ndipo mkono utha kuchoka pamalo pake. Koma mukasiya mphamvu pa 0.9 kapena 1.0 n'kuika `Ending Control Step` pa 0.5, kaimidwe kamakhazikika kaye, kenako modelo imamaliza mwaufulu. Mu ComfyUI dzina lake ndi `end_percent`. Mapu a mizere ndi amene amapindula kwambiri ndi zimenezi. OpenPose itha kukhala nthawi yaitali popanda vuto, popeza ilibe zing'onozing'ono zoti ikakamize.

`Starting Control Step` ambiri amaisiya pa 0, ndipo n'zoyenera. Mukayamba mochedwa, monga pa 0.3, modelo imakhala itasankha kale kaimidwe kake, ndipo mapu akabwera amalimbana nako. Mukaona munthu wa mikono itatu, kapena chiwalo chooneka ngati mthunzi pambali pa chenicheni, onani nambala imeneyi.

Kukweza mphamvu kupitirira 1.0 kawirikawiri kumawononga. Mitundu imapsa, mizere imada, nkhope imaphwatalala. Ngati pa 1.0 mapu sakumveredwa, vuto limakhala kwina.

Nanga `Control Mode` ndi ya chiyani?

Ili ndi zosankha zitatu. `Balanced` ndi ya masiku onse. `My prompt is more important` imafooketsa ControlNet mosiyanasiyana pamalo 13 aja, kwambiri pamalo amene amasamalira zing'onozing'ono, kotero mawonekedwe aakulu amagwira pomwe mawu anu akupeza mpata. Imathandiza mapu a mizere akamapondereza sitayilo. `ControlNet is more important` imaika mapu ku mbali ya mawu ofunidwa yokha ya `CFG Scale`, zimene zimachititsa kuti mphamvu ya mapu izikula pamodzi ndi nambala imeneyo. Mukaisankha, tsitsaninso `CFG Scale`, apo ayi chithunzi chimapsa.

`canny` ikutola mizere yambirimbiri. Ndingaichepetse?

Mungathe. Ili ndi malire awiri, amene amayambira pa 100 ndi 200. Pamene kusintha kwa kuwala kwaposa malire apamwamba, pamalembedwa mzere. Pamene kwachepera malire apansi, pamatayidwa. Zapakati zimasungidwa pokhapokha zitalumikizana ndi mzere wamphamvu. Mukakweza onse awiri, mwina 150 ndi 250, makwinya ndi udzu zimachepa. Mukawatsitsa, mizere imachuluka, zimene zimathandiza pa chithunzi chamdima chimene munthu ndi khoma zili pafupifupi mtundu umodzi.

Koma malire sadziwa chimene inu mukufuna. Malaya amizere yakuda ndi yoyera adzatuluka ngakhale mukweze bwanji, pomwe m'mphepete mwa tsaya, mmene kuwala kumasintha mofewa, mutha kusowa. Zikatero ndi bwino kufufuta mizere yosafunikayo ndi dzanja. Mapu ndi chithunzi wamba, ndipo burashi yakuda imagwira ntchito.

Munthu watuluka wotambasuka, kapena mapazi adulidwa. Chachitika n'chiyani?

Mapu ndi chithunzi chatsopano sizikufanana m'litali ndi m'lifupi. `Just Resize` imakoka mapu kuti akwane, n'chifukwa chake munthu amafupika kapena kutalika. `Crop and Resize` imadula zotsala, ndipo mutu kapena mapazi zimapita. `Resize and Fill` imalowetsa mapu onse n'kudzaza m'mbali. Chabwino n'kudula chithunzi choyambacho nokha kuti chifanane ndi chimene mukufuna kutulutsa.

Timitengo tili bwino, koma munthu wayang'ana kumbuyo m'malo moyang'ana kuno.

Mitundu ya timitengo ili ndi tanthauzo: mkono wamanja uli ndi mitundu yake, wamanzere yake. Munthu akayang'ana kamera, mkono wake wamanja umaoneka kumanzere kwa chithunzi. Choncho ngati mwatembenuza mapu ngati pagalasi mu pulogalamu yojambulira, mitunduyo imanena kuti munthuyo watipatsa msana, pomwe maso ndi mphuno zikunena kuti akutiyang'ana. Zotsatira zake ndi khosi lopotoka kapena mapazi oloza kolakwika. Tembenuzani chithunzi choyambacho, kenako mupange timitengo tatsopano.

Ngati mukufunadi munthu wotipatsa msana, chotsani mfundo za mphuno ndi maso, ndipo mulembe `from behind` m'mawu anu. Modelo inaona nkhope zambiri kuposa misana, ndipo ikapeza mpata imabwerera ku nkhope.

Chifukwa chiyani zala zikusokonekerabe pomwe mapu ali ndi mfundo zonse 21?

Chifukwa modelo sijambula pa mapikiselo enieniwo. Imagwira ntchito pa chithunzi chochepetsedwa maulendo 8 mbali iliyonse, kotero 576 ndi 768 zimakhala timabokosi 72 ndi 96. Pa chithunzi cha thupi lonse, dzanja limatenga mapikiselo pafupifupi 60 kapena 70, amene ndi timabokosi 8 kapena 9 basi. Chala chimodzi m'lifupi chimangokwana kabokosi kamodzi. Mapu atha kukhala olondola, koma malo ojambulapo zala zisanu ndi osakwanira.

Konzani dzanja padera. Tumizani chithunzicho ku `inpaint`, pakani dzanja, sankhani `Only masked` kuti kachigawo kameneko kakulitsidwe pojambula, ikani `Denoising strength` pakati pa 0.4 ndi 0.6, ndipo mugwiritse ntchito mapu a kuya kapena a mizere a dzanjalo. Pa zala zopingasana kapena zogwira chinthu, mapu a kuya amaposa timitengo pa chifukwa chomwe chija cha miyendo.

Onaninso ngati mfundozo n'zolondoladi. Dzanja likabisika pang'ono, `Preprocessor` imangolota pamene zala zili, ndipo ControlNet imatsatira malotowo mokhulupirika. Mapu opanda zala ndi abwino kuposa mapu a zala zolakwika. Mukaona timizere ta dzanja tapiringizana, gwiritsani ntchito `openpose` ya thupi lokha.

Ndikufuna katuni ya mutu waukulu ndi miyendo yaifupi, koma ikutuluka ngati munthu wamkulu.

Timitengo timasunganso kutalika kwa ziwalo, osati kupindika kwake kokha. Mwa munthu wamkulu mutu ndi gawo limodzi mwa magawo 7 kapena 8 a msinkhu, pomwe katuni zina zimafuna gawo limodzi mwa atatu. Sitayilo imeneyo ili m'mafupa momwe, choncho mapu ochokera ku kamera amaikaniza. Tsegulani timitengo mu chosinthira cha OpenPose, mufupikitse miyendo ndi mikono, mutalikitse pakati pa maso ndi makutu, koma ngodya za mfundo zikhale zomwezo. Vuto lomweli limabwera mukafuna kusandutsa wamkulu kukhala mwana.

Ndingaphatikize ma ControlNet angati?

Pulogalamu imalola angapo, koma zimene amawonjezera zimaphatikizidwa pamodzi. Atatu pa mphamvu 1.0 aliyense amakankha modelo mopitirira, ndipo chithunzi chimauma n'kupsa mitundu. Sankhani mmodzi wotsogolera, enawo akhale pakati pa 0.3 ndi 0.6. Onetsetsaninso kuti mapu onse achokera ku chithunzi chimodzi chodulidwa mofanana. Mukasuntha mkono pa timitengo koma mapu a kuya akadali ndi mkono pamalo akale, mudzapeza mikono yonse iwiri.

Aliyense amadyanso malo pa khadi la zithunzi la kompyuta yanu. Fayilo imodzi ya 1.1 ndi pafupifupi magigabayiti 1.4, ndipo yochepetsedwa ya `fp16` ndi theka lake, popanda kusiyana kooneka ndi maso. Ngati khadi ndi laling'ono, T2I-Adapter ndi yopepuka: imawerenga mapu kamodzi kokha m'malo moyenda pa sitepe iliyonse, ngakhale kawirikawiri sigwira molimba ngati ControlNet.

Kodi imasunga nkhope ya munthu, kapena kutenga sitayilo pa chithunzi china?

Timitengo sitisunga nkhope. Timadontho ta nkhope timagwira kumene mutu waloza, kutseguka kwa pakamwa ndi mawonekedwe a chibwano, koma munthu wotuluka amakhala wina. Kuti mutenge nkhope kapena sitayilo kuchokera ku chithunzi, pali IP-Adapter, imene inatuluka mu Ogasiti 2023. Iyo silabadira malo. Imasandutsa chithunzi kukhala ngati mawu owonjezera. Palinso `reference_only`, imene sifuna fayilo ya `Model`, koma imalola modelo kuti iziyang'ana chithunzi chanu ikamajambula.

Ntchito zake zimagawika bwino: kaimidwe kachokere ku OpenPose, sitayilo ichokere ku IP-Adapter. Koma IP-Adapter ikakwera kufika 1.0 imabweretsanso zinthu za m'chithunzi chake, nthawi zina ndi kaimidwe komwe, n'kuyamba kulimbana ndi timitengo. Yambani cha pa 0.5.

Mapu a mizere ndi nkhani ina. `lineart` kapena `canny` ya nkhope yapafupi imasunga mphuno, milomo ndi maso mokwanira kuti anthu amuzindikire mwini wake, ngakhale mwasintha sitayilo. Ngati chithunzicho n'cha munthu weniweni, mupempheni chilolezo musanachifalitse.

Ndayatsa ControlNet koma palibe chasintha. Ndione pati?

Gwirani `Seed` pamalo amodzi, jambulani kamodzi ControlNet ili yoyaka, kamodzi ili yozima. Zithunzi ziwirizo zikafanana ndendende, ndiye kuti sinagwire n'komwe: `Enable` sinachongedwe, `Model` ili pa `None`, kapena mu ComfyUI zotuluka za `Apply ControlNet` sizinalumikizidwe ku `KSampler`. Zikasiyana pang'ono koma kaimidwe sikakutsatidwa, yang'anani mapu. OpenPose imalephera kupeza munthu pa katuni zambiri, pa munthu wogona kapena wozondoka, ndi pa chithunzi chimene thupi lalikulu labisika, ndipo imapereka mapu akuda kapena a ziwalo zosakwana. `dw_openpose_full` imachita bwinoko, koma nayonso ili ndi malire. Zikakanika, sanjani timitengo ndi dzanja pamwamba pa chithunzicho.

Pulogalamu ikaima n'kulemba `mat1 and mat2 shapes cannot be multiplied`, kawirikawiri mwaika ControlNet ya banja lina, monga ya `sd15` pa modelo ya SDXL. Manambala oimira mawu ndi 768 pa 1.5 ndi 2048 pa SDXL, choncho sangachulukitsidwe.

Pa vidiyo, bwanji chithunzi chikuphethiraphethira ngakhale kaimidwe kali bwino?

ControlNet imaona felemu imodzi imodzi ndipo sikumbukira yapitayo. Imagwira malo a mkono pa felemu iliyonse, koma mtundu wa jasi, mabatani ndi zakumbuyo zimasankhidwa mwatsopano nthawi zonse. Mapu enieniwo amanjenjemeranso: mfundo ya bondo imasuntha mapikiselo angapo ngakhale munthu waima chilili, ndipo mapu a kuya amasintha kuwala chinthu chatsopano chikalowa pafupi ndi kamera, popeza kutuwa kwake kumayezedwa pa felemu iliyonse payokha. Kugwira `Seed` imodzi kumachepetsako vutoli, monganso kusalaza kayendedwe ka mfundo za timitengo musanajambule. Kuti kuphethirako kuchepe kwenikweni pamafunika gawo limene limaona mafelemu ambiri nthawi imodzi, monga AnimateDiff pa Stable Diffusion 1.5, ControlNet n'kumaikidwa pamwamba pake kuti izigwira kaimidwe.